KUYESA KHALIDWE LA MNYAMATA WA ZAKA 14

Nkhani ya lero ndi ya mwana amene makolo, aphunzitsi ndi anansi atopa naye, ndi ya dotolo wa nthenda za maganizo amene apatsidwa ntchito yomuyesa. Ana onse amapulupudza pa nthawi yake, ndipo palibe mudzi umene ulibe mnyamata wothyola mango a eni. Koma pali kupulupudza kwina kumene sikutha, kumene kumapweteka anthu ena, ndipo madotolo amakutcha kusokonekera kwa khalidwe. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito yofuna kudekha, pakuti kalata imene dotolo adzalembe ikhoza kufika m'manja mwa woweruza milandu, ndipo mawu amodzi olembedwa mofulumira akhoza kum'tsata mwanayo moyo wake wonse.

Kuti ntchitoyi imveke bwino, omvera ayerekeze mnyamata wa zaka 14, wokhala ndi agogo ake aakazi m'tauni. Atate ake anamwalira iye ali wamng'ono, amake anakakwatiwa kwina. Tsiku lina potuluka kusukulu anamenya mwana wa zaka 10 ndi unyolo wa njinga, mwanayo nasokedwa pamutu kuchipatala. Mlandu uli m'manja mwa apolisi, ndipo bwalo la milandu ya ana lapempha kuti dotolo amuone. Amalume ake ndiwo abwera naye, ndipo mawu awo oyamba ndi akuti: "Adotolo, mwana uyu tam'lephera. Kum'kwapula tam'kwapula, koma salira, ndipo samva."

Dotolo wanzeru sayamba ndi funso lakuti mwanayu ndi woipa kapena wabwino. Amayamba ndi kuwerenga zochita zake chimodzi chimodzi. Buku la madotolo a maganizo a ku Amereka, lotchedwa DSM-5, limene linatuluka mu 2013, lili ndi mndandanda wa zochita 15 zogawidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi nkhanza kwa anthu ndi kwa nyama, monga kuopseza anzake, kuyamba ndewu, kumenya ndi chida, kulanda chinthu kwa mwini wake maso ndi maso, ndi kukakamiza wina chiwerewere. Lachiwiri ndi kuwononga chuma cha eni mwadala, ndi moto kapena mwa njira ina. Lachitatu ndi chinyengo ndi kuba. Lachinayi ndi kuswa malamulo aakulu a panyumba ndi a kusukulu, monga kuthawa kwawo ndi kujomba. Lamulo lake ndi ili: mwa zochita 15 zija, zitatu kapena zoposa zikhale zitachitika m'miyezi 12 yapitayo, ndipo chimodzi mwa izo chikhale cha m'miyezi 6 yapitayo. Ndiponso ziyenera kukhala zikuwonongadi moyo wa mwanayo panyumba, kusukulu kapena pakati pa anzake.

Dotolo sakhulupirira pakamwa pamodzi. Amakhala ndi mnyamatayo payekha, amakhala ndi agogo ndi amalume paokha, amafunsa mphunzitsi, ndi kuwerenga kaundula wa sukulu ndi zolemba za apolisi. Chifukwa chake nchakuti aliyense amaona mbali yake. Agogo amadziwa za ndalama zosowa m'nyumba, koma sadziwa zochitika panjira ya kusukulu. Mphunzitsi amadziwa za ndewu, koma sadziwa kuti mwanayo amagona kuti. Mwanayo mwini amabisa zina, komabe kawirikawiri ndiye amene amaulula kuba kumene akulu sanakudziwe konse.

Pa mnyamata uja kuwerenga kunayenda motere. Mphunzitsi ananena kuti amaopseza ana aang'ono pafupifupi sabata iliyonse, ndicho choyamba. Kaundula anaonetsa ndewu zinayi chaka chomwecho, ndipo mboni zinati zonse anayamba ndiye, ndicho chachiwiri. Unyolo wa njinga ndi chida chokhoza kuvulaza kwambiri, ndicho chachitatu. Amalanda ana ndalama za chakudya atawagwira pakhosi, ndicho chachinayi. Ananamiza wogulitsa pa golosale kuti agogo am'tuma kukatenga shuga pa ngongole, ndipo anachita zimenezi kangapo, ndicho chachisanu. Koma pali zina zimene dotolo anakana kuwerenga. Amalume anadandaula kuti mwanayo amafika panyumba usiku. Atafunsitsa, zinapezeka kuti anayamba chaka chomwecho, pamene buku lija limati kuyenda usiku ndi kujomba kusukulu ziwerengedwe pokhapokha zitayamba mwana asanakwane zaka 13. Za kujomba nazo, kaundula anaonetsa miyezi iwiri imene sanapite kusukulu, koma inali nthawi imene agogo anadwala ndipo iye ankagulitsa makala m'malo mwawo. Mwana wojomba chifukwa cha umphawi sanaswe lamulo mwa kufuna kwake. Tsono zinatsala zisanu, zoposa zitatu zofunikazo, ndipo dzina la vutolo linakhazikika.

Apa pali msampha umene dotolo wa kuno ayenera kuupenya. Mndandanda uja unalembedwa kutali, ndipo mawu akuti nkhanza kwa nyama ayenera kumveka monga mwa moyo wa kuno. Mnyamata wopha nkhuku ya ndiwo, wokumba mbewa kapena wolasa mbalame ndi legeni sanachite nkhanza imene bukulo likunena. Nkhanza yake ndi yozunza nyama kuti aione ikuvutika. Agogo a mnyamata uja anakumbukira kuti ali ndi zaka 8 anamanga kagalu pamtengo nakathira madzi otentha, ndipo anaseka. Chimenechi sichilowa m'chiwerengero cha miyezi 12, pakuti ndi chakale, koma chimayankha funso lachiwiri, limene ndi lalikulu kuposa loyamba: vutoli linayamba liti?

Madotolo amaika malire pa zaka 10. Ngati chimodzi mwa zochita zija chinaoneka mwana asanakwane zaka 10, amati vutolo ndi loyamba paubwana. Ngati palibe, amati ndi loyamba paunyamata. Kusiyanitsa kumeneku kunachokera kwa anthu amene anatsata ana zaka zambiri. Mayi Lee Robins, wa mumzinda wa St. Louis ku Amereka, anafunafuna anthu 524 amene anapita ku chipatala cha ana ali aang'ono, nawapeza patapita zaka ngati 30, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1966. Ntchito yake inaonetsa zinthu ziwiri zoyenera kugwiridwa pamodzi. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense wa khalidwe loopsa losasintha anali wovuta paubwana. Koma ana ovuta ambiri sanasanduke akulu otero. Woyang'ana m'mbuyo kuchokera kundende amaona njira yowongoka; woyang'ana m'tsogolo kuchokera kwa mwana amaona njira zambiri zopatuka.

Pambuyo pake Mayi Terrie Moffitt, amene anagwira ntchito ndi ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, analongosola mu 1993 kuti achinyamata olakwa ali mitundu iwiri. Ochuluka amayamba atatha msinkhu, potsanzira anzawo ndi pofuna kuoneka akulu, ndipo ambiri a iwo amaleka akapeza ntchito ndi banja, ngakhale ena amakodwa panjira ndi ndende, chamba kapena kusiya sukulu. Kagulu kochepa kamayamba paubwana, kawirikawiri ndi ana ovutika kuphunzira ndi kudziletsa, okulira m'nyumba zosakhazikika, ndipo mwa iwo ndimo mumachokera ambiri opitiriza kulakwa mpaka ukulu. Akale anati m'mera mpoyamba. Chifukwa cha kagalu kaja, ndi ndewu zimene mphunzitsi wake wa Sitandade 3 anazikumbukira, mnyamata uja anaikidwa m'gulu loyamba paubwana.

Funso lachitatu ndilo lovuta koposa, ndipo ndi la mtima. Pakati pa ana a khalidwe losokonekera, ambiri ndi amtima wapachala: amapsa mtima msanga, amaganiza kuti aliyense akuwaputa, amamenya, kenaka amanjenjemera ndi kulira. Koma alipo ena ochepa amene amapweteka mnzawo mtima uli zii, pofuna kupeza kanthu. Bambo Paul Frick wa ku Amereka ndi anzake anathera zaka zambiri akuphunzira ana otere, ndipo kuuma mtima kumeneku kunalowa m'buku la DSM-5 mu 2013 monga chizindikiro chowonjezera. Mbali zake ndi zinayi: kusamva chisoni atalakwa, kusamvera ena chifundo, kusalabadira kuti ntchito yake yayenda bwino kapena moipa, ndi kusaonetsa zakukhosi zenizeni, kapena kuziyatsa ndi kuzizimitsa pofuna kupeza chinthu. Pafunika ziwiri mwa zinayi, zokhalitsa miyezi 12 kapena kuposa, ndipo zioneke kwa anthu osiyanasiyana ndi m'malo osiyanasiyana.

Dotolo anafunsa mnyamatayo kuti afotokoze za tsiku la unyolo. Iye anafotokoza mwadongosolo, ngati wonena za ulendo wa kumsika. Dotolo anati: "Nanga mnzako uja, ukuganiza kuti anamva bwanji pamene ankasokedwa?" Mnyamatayo anayankha: "Kaya, bambo. Akanandipatsa ndalamayo sizikanachitika. Ndipo malaya anga anang'ambika." Atafunsidwa ngati akumva chisoni, anati: "Inde, bambo, chifukwa mwina anditsekera." Chisoni cha wogwidwa, choopa chilango, bukulo limati chisawerengedwe. Agogo anachitira umboni kuti sanayambe wapepesa mwa iye yekha, ngakhale tsiku limene anakankha mlongo wake pamoto. Mphunzitsi ananena chimodzimodzi. Tsono mbali yoyamba ndi yachiwiri zinapezeka, panyumba ndi kusukulu komwe.

Mbali zina ziwirizo sizinapezeke, ndipo apa ndi pamene kufunsitsa kunapindula. Zoona, mayeso a kusukulu sawalabadira. Koma Loweruka lililonse amathandiza mmisiri wokonza njinga, ndipo mmisiriyo anati mnyamatayo akalephera kuwongola gudumu amabwereza mpaka litawongoka, osafuna kuuzidwa. Za kusalira, agogo anati pa maliro a agogo ake aamuna sanagwetse msozi pagulu, koma usiku iwo anamumva akusisima, ndipo anakana nsima masiku awiri. Mnyamata wa kuno amaphunzitsidwa kuti mwamuna salira pa anthu, ndiponso kuti pamaso pa wamkulu aweramitse nkhope ndi kuyankha mwachidule. Dotolo wosadziwa mwambo angalembe ulemu umenewu ngati kuzizira mtima. Alipo mapepala a mafunso othandiza pa ntchitoyi, monga la Bambo Frick la mafunso 24 limene amayankha mwana, kholo ndi mphunzitsi. Koma pepala lotero ndi nyali yongounikira, ndipo likamasuliridwa m'chinenero china mawu ake ena amasintha kulemera.

Asanatseke nkhani ya mtima, dotolo ayenera kufunsa chimene chingafanane ndi kuuma mtima chisali chomwecho. Mwana womenyedwa kapena wogwiriridwa zaka zambiri amaphunzira kuumitsa nkhope; kunja amaoneka mwala, koma mkati ali ndi mantha, amalota zoopsa, amadzidzimuka chitseko chikamenyeka. Mwana wa nthenda ya kukhumudwa amaleka kusamala kanthu kalikonse, koma abale amatha kutchula mwezi umene anasintha. Chamba ndi kachasu zimazimitsa chisoni. Khunyu, kuvulala m'mutu ndi malungo aakulu ogwira ubongo zikhoza kusintha khalidwe. Mnyamata uja analibe zimenezi, kupatula chamba chimene anayamba kusuta miyezi ingapo yapitayo, nkhanza zake zitayamba kale. Koma kuyesa kunavumbula zinthu ziwiri zimene panalibe anazidziwa: amawerenga ngati mwana wa zaka 9, ndipo chiyambire ubwana sakhazikika pamalo amodzi, satha kusunga maganizo pa chinthu chimodzi. Vuto la kusakhazikikali limayenda kawirikawiri ndi kusokonekera kwa khalidwe, ndipo lili ndi chithandizo chake, ngakhale mankhwala amene.

Chifukwa chiyani madotolo amavutikira chizindikiro cha kuuma mtima? Ana otere, powayesa ndi zithunzi, amachedwa kuzindikira nkhope ya munthu wamantha kapena wachisoni, ndipo chilango sichiwaphunzitsa monga chimaphunzitsira ana ena. Maso awo ali pa mphotho. Ndicho chifukwa chake chikoti cha amalume chinalephera. Mayi Essi Viding ndi anzake, poyesa mapasa a zaka 7 ku Mangalande mu 2005, anapeza kuti chibadwa chili ndi mbali yaikulu pa mtima wotere. Koma chibadwa si chiweruzo. Mu 2016 Bambo Luke Hyde ndi anzake anaonetsa kuti ana oleredwa ndi makolo osawabala, amene amayi awo owabala anali a khalidwe loopsa, sanaonetse kuuma mtima kwambiri pamene mayi wolerayo anali woyamikira zabwino zimene mwana wachita. Ndiponso mwa ana ena chizindikirochi chimachepa pamene akukula.

Funso lotsiriza ndi limene woweruza akufuna: kodi adzalakwanso? Dotolo woona sayankha inde kapena ayi, pakuti si wolosera. Amagwiritsa ntchito chitsogozo chotchedwa SAVRY, chokonzedwera achinyamata a zaka 12 mpaka 18, chimene chili ndi zinthu 24 zokweza ngozi ndi 6 zoteteza. Mwa 24 zija, 10 ndi za mbiri yake, 6 ndi za anthu om'zungulira, 8 ndi za iye mwini. Chilichonse amachiyesa chochepa, chapakati kapena chachikulu, ndipo saphatikiza ngati masamu. Amalingalira zonse pamodzi nagamula. Za mbiri sizisintha: kuyamba nkhanza ali wamng'ono, kuchoka kwa amake, kulephera kusukulu. Koma zina zikhoza kusintha, ndipo ndizo zofunika kwa wofuna kuthandiza: anzake awiri aakulu amene amam'patsa chamba, kusowa womuyang'anira madzulo, kusakhazikika kosachiritsidwa. Pa zoteteza anapeza ziwiri zolimba: amakonda agogo ake m'njira yake, ndipo amamvera mmisiri wa njinga.

Kalata ya dotolo inanena motere mwachidule. Mnyamatayu ali ndi kusokonekera kwa khalidwe koyamba paubwana, pamodzi ndi mbali ziwiri mwa zinayi za kuuma mtima. Ngati palibe chisinthe, ngozi yakuti apwetekenso wina m'miyezi ikudzayi ndi yaikulu, makamaka mwana wamng'ono, panjira ya kusukulu, pofuna ndalama. Chiyeso chimenechi chibwerezedwe pakapita miyezi 6, pakuti munthu wa zaka 14 akali kuumbidwa. Dotolo sanalembe kuti mwanayo ndi wosachiritsika, ndipo sanam'patse dzina la nthenda ya akulu ya khalidwe lodana ndi anthu, limene buku lija limaletsa kupatsa munthu wosakwana zaka 18.

Malangizo ake anatsata zimene anapeza. Chikoti chilekeke, ndipo m'malo mwake pakhale malamulo ochepa omveka, ndi mphotho yofulumira: sabata yopanda ndewu ibweretse maola owonjezera kwa mmisiri, ndi kandalama kosungidwa ka njinga yakeyake. Agogo ndi amalume aphunzitsidwe pamodzi, kuti asamatsutsane. Wamkulu am'perekeze potuluka kusukulu, kuti ana aang'ono atetezedwe kuyambira tsiku lomwelo. Aphunzitsidwe kuwerenga payekha, ndipo kusakhazikika kwake kuchiritsidwe. Dotolo anachenjezanso za njira ziwiri zimene anthu amazikonda koma zimabweza m'mbuyo. Kusonkhanitsa anyamata olakwa pamalo amodzi popanda kuwayang'anira bwino kumawaphunzitsa kulakwa kwatsopano. Ndipo ku Amereka, kumene anayesa kutengera achinyamata kundende kuti akaidi akawaopseze, kafukufuku anapeza kuti otengedwawo analakwa kwambiri kuposa anzawo osatengedwa.

Amalume atamva zonsezi anafunsa: "Tsono adotolo, mwanayu adzakhala munthu?" Dotolo anayankha kuti za zaka 10 zikudza sangalonjeze, koma za miyezi 6 akhoza kunena chimene adzayang'ane: ngati kaundula adzakhale wopanda ndewu, ngati anzake a chamba adzakhale atasiyana naye, ndi ngati tsiku lina adzapepese munthu popanda wom'tuma. Ananenanso kuti chachitatucho chikhoza kuchedwa kuposa zinazo, ndipo asataye mtima chikachedwa, pakuti mwana wosapweteka anzake chifukwa akufuna njinga ali kale pabwino kuposa mwana wowapweteka. Tsiku lobwerera linalembedwa pa kakhadi, ndipo amalume anakapinda nakaika m'thumba la malaya.